Chimene chimachititsa kampani ya inshulansi kukana kulipira galimoto ya kompulehensivu

Anthu ambiri amene ali ndi galimoto akamva mawu oti kompulehensivu, inshulansi imene imalipiranso kuonongeka kwa galimoto ya mwiniwake, amaganiza kuti kampani ya inshulansi idzalipira chilichonse chimene chidzagwere galimotoyo. Munthu amalipira ndalama ya pachaka, n'kumata kapepala pagalasi lakutsogolo, mtima n'kukhala m'malo. Polise yeniyeniyo, chikalata cha pangano la inshulansi, yomwe imakhala ndi masamba angapo a zilembo zing'onozing'ono, amaisiya mu envelopu osaiwerenga. Pa tsiku la ngozi kampani imagwira polise imeneyo, ndipo imaiwerenga ndime ndi ndime.

M'polise muli mitundu iwiri ya ndime zimene zingachititse kuti musalipiridwe, ndipo ziyenera kusiyanitsidwa chifukwa njira yothana nazo ndi yosiyana. Mtundu woyamba ndi wa zinthu zimene kampani inanena kuchokera pachiyambi kuti siziphatikizidwa. Ngozi ikachitika mwa njira yotero, ndiye kuti munalibe inshulansi pa ngoziyo ngakhale munalipira ndalama zonse. Mtundu wachiwiri ndi wa zinthu zimene inu munavomera kuti muzichita, monga kunena zoona polembetsa, kusamala galimoto ndi kudziwitsa kampani msanga pakagwa ngozi. Pa mtundu uwu ngoziyo inali yoti ilipiridwe, koma mwiniwake akhoza kudzitayitsa ndalamazo ndi zochita zake. Za mtundu woyamba zimakonzedwa ngozi isanachitike, pogula polise yogwirizana ndi ntchito imene galimoto ikugwira. Za mtundu wachiwiri zambiri zimaonongeka m'maola ndi m'masiku oyamba ngozi itangochitika.

Pamodzi ndi polise pamabwera tsamba lina lalifupi lolembedwa dzina lanu, nambala ya galimoto, mtengo umene munaiika, ntchito imene izigwira, anthu ololedwa kuiyendetsa, ndi ndalama imene mumadzilipirira nokha pa ngozi iliyonse, yomwe amaitcha ekisesi. Masamba ambiri aja amafanana kwa makasitomala onse, koma tsamba ili ndi lanu lokha. Ngati simungawerenge polise yonse, werengani tsamba ili kawiri.

Ndime ya kagwiritsidwe ntchito

Tiyerekeze bambo wina wogwira ntchito ku Lilongwe amene ali ndi Toyota Sienta. Polembetsa inshulansi anafunsidwa ntchito imene galimotoyo izigwira, ndipo anayankha kuti ndi yoyendera iye ndi banja lake, kupita kuntchito, kutchalitchi ndi kumudzi. Kampani inawerengera mtengo wa inshulansi potengera yankho limenelo. Galimoto ya pakhomo imayenda mitunda yochepa, nthawi zambiri imayendetsedwa ndi mwiniwake, ndipo usiku imagona mumpanda. Sienta imene imanyamula anthu tsiku lonse imayenda kwambiri kuposa ya pakhomo, imaima paliponse m'mbali mwa msewu, imathamangira anthu okwera, ndipo ikagubuduka anthu ofuna chipukuta misozi amakhala ambiri. N'chifukwa chake inshulansi ya galimoto yonyamula anthu pa malipiro imakhala yokwera mtengo, ndipo polise ya galimoto ya pakhomo imanena mosabisa kuti kunyamula anthu kapena katundu pa malipiro sikuli m'pangano.

Loweruka lina bamboyu akupita kumudzi ku Dedza, ndipo mafuta akwera mtengo. Waima pasiteji n'kutenga anthu anayi kuti apezepo ya mafuta. Kwa iye amenewa si matola, wangothandiza anthu nawonso n'kumuthandiza. Atapitirira Nathenje tayala laphulika, galimoto yakagwera m'ngalande. Apolisi akabwera amafunsa okwerawo mayina awo ndi mmene anakwerera, ndipo mmodzi akangonena kuti analipira, mawuwo amalembedwa. Wofufuza wa kampani akaona mu lipoti la apolisi kuti m'galimoto munali anthu anayi amene si achibale, amawatsata n'kuwafunsa. Kalata imene imatsatira imakhala yaifupi, yonena kuti pa nthawi ya ngozi galimoto inkagwira ntchito imene siili m'polise.

Bamboyu angathe kunena kuti okwerawo sanaphulitse tayala, ndipo n'zoona. Koma ndime iyi kawirikawiri siyang'ana chimene chinayambitsa ngozi. Imayang'ana ntchito imene galimoto inkagwira pa nthawi ya ngoziyo. Ambiri amaona kuti uku n'kuwalakwira, ndipo ine ndimawamvetsa, chifukwa ndalama imene bamboyu anatolera ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa galimoto imene wataya. Komabe kampani sinalandire ndalama ya chiopsezo cha matola.

Nkhani ya okwera amene avulala ndi yolemera kuposa pamenepo. Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshulansi yoteteza anthu ena, imene timaitcha thedi pate, ndipo limalola munthu wovulala kusumira kampani ya inshulansi mwachindunji. Mapolise ambiri ali ndi ndime yonena kuti ngati lamulo lakakamiza kampani kulipira munthu wovulala pa ngozi imene polise sikanalipira, kampaniyo ili ndi ufulu wofuna kwa inu ndalama zimene yalipira. Komanso thedi pate ili ndi malire a ndalama olembedwa pa tsamba lija. Bwalo la milandu likagamula ndalama yoposa malirewo, yotsalayo amalipira mwini galimoto ndi dalaivala.

Amene akudziwa kuti galimoto yake izinyamula anthu, kubwerekedwa pa malipiro kapena kugwira ntchito ya bizinesi ayenera kuuza kampani molemba, kulipira ndalama yoonjezera, ndi kulandira tsamba latsopano losonyeza kusinthako. Kuuza wogulitsa inshulansi pakamwa pokha sikuthandiza, chifukwa tsiku la mkangano umboni umene umagwira ntchito ndi wolembedwa.

Amene anali pa chiwongolero

Ndime yachiwiri imene imagwetsa anthu ndi yonena za dalaivala. Mapolise ena amalola aliyense amene mwiniwake wamuloleza, malinga akhale ndi laisensi, pomwe ena amalola okhawo amene mayina awo alembedwa. Laisensiyo iyenera kukhala yosatha masiku ndiponso ya gulu la galimoto imene akuyendetsayo. Amene ali ndi laisensi ya galimoto yaing'ono akamayendetsa lole, kwa kampani ali ngati alibe laisensi. Pa galimoto yonyamula anthu pa malipiro pamafunikanso chilolezo chapadera cha madalaivala a ntchito imeneyi. Mnyamata wa pamalo otsukira galimoto amene mwamusiyira makiyi kuti aisunthe, kapena mwana wa pakhomo amene akuphunzira kumene ndipo alibe womuyang'anira pambali pake, akhoza kukutayitsani galimoto yonse asanayende n'komwe mtunda wa mamita makumi awiri.

Za mowa palibe zokambirana zambiri. Lipoti la apolisi likasonyeza kuti dalaivala anapitirira mlingo wololedwa, kampani silipira kuonongeka kwa galimoto yanu, ndipo mapolise ambiri amaika kukana kuyezedwa m'gulu lomwelo.

Kusiyana kwa ngozi ndi kutha kwa galimoto

Inshulansi imalipira chinthu chogwa mwadzidzidzi kuchokera kunja, monga kugundana, kugubuduka, moto, kubedwa ndi kugweredwa mtengo. Kutha kwa zitsulo chifukwa cha ukalamba, dzimbiri, kufa kwa injini kapena giyabokosi, ndi kuonongeka kwa mawaya a magetsi sizilipiridwa. Mkangano umabuka pamene ngozi ndi kutha kwa zitsulo zachitikira pamodzi.

Tiyerekeze galimoto yamenya mwala pansi m'msewu wa fumbi, sampu n'kubooka, oyilo n'kuyamba kutayika. Kubooka kwa sampu ndi ngozi, ndipo kumalipiridwa. Kagetsi kofiira ka oyilo kayaka, koma dalaivala waganiza zongofika kaye patauni yapafupi, ndipo atayenda makilomita asanu injini yagwira. Kampani idzalipira sampu n'kukana injini, ponena kuti injiniyo inafa chifukwa choyendetsedwa yopanda oyilo ngozi itachitika kale, komanso kuti polise imakulamulani kuteteza galimoto kuti isaonongekenso. Makaniko wodziwa ntchito akatsegula injini yotero amaona mabeyaling'i opsa ndi zitsulo zosintha mtundu chifukwa cha kutentha, ndipo zimenezi sizibisika. Ndi chimodzimodzi lediyeta ikabooka pogundana, munthu n'kupitiriza ulendo mpaka injini kuwira. Kuitana galimoto yodzakoka n'kotsika mtengo kwambiri kuposa kugula injini, ndipo mapolise ambiri amabweza ndalama yokokera mpaka pa mlingo wolembedwa.

Za madzi n'zofanana. Galimoto yoimikidwa imene yakokoloka kapena kumizidwa, ngati mmene zinachitikira ku Blantyre ndi m'maboma ena a kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, imalipiridwa ngati polise ikuphatikiza kusefukira kwa madzi, ndipo zimenezi muyenera kuziona ndi maso anu m'polisemo, osangoganizira. Koma amene walowetsa dala galimoto pa mlatho womizidwa, injini n'kumwa madzi, adzafunsidwa ngati anasamala galimotoyo monga analonjezera. Ndipo galimoto ikazima m'madzi musayese kuilizanso. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho pisitoni ikakankha madzi, zitsulo zoigwira zimapindika.

Matayala paokha salipiridwa akaphulika, kung'ambika kapena kutha ndi mabuleki, pokhapokha ngati aonongeka pa ngozi imene yaononganso mbali zina za galimoto. Ngati anali osalala ndipo ngozi inachitika poterereka pamvula, kampani imagwira ndime yonena kuti galimoto iyenera kukhala yoyenera kuyenda pamsewu. Amafunsanso chiphaso cha COF, ndipo chikakhala chotha masiku mwaipatsa kampani poyambira.

Pali zina ziwiri zimene ambiri amazidziwa zinthu zitaonongeka kale. Zipolowe, zionetsero ndi ziwawa za ndale kawirikawiri siziphatikizidwa m'polise wamba, ndipo zimagulidwa padera ngati choonjezera. Amene anaona magalimoto akuphwanyidwa pa zionetsero za 2019 akudziwa kuti nkhaniyi si yongopeka. Chachiwiri ndi malire a dziko. Yelo Khadi ya COMESA, imene anthu amagula popita ku Zambia kapena ku Zimbabwe, ndi ya thedi pate ndipo sikonzetsa galimoto yanu. Kuti kompulehensivu ikutsatireni kunja, onani ngati dziko limene mukupitalo lalembedwa m'polise, ndipo ngati silinalembedwe pemphani kalata yoonjezera musananyamuke. Amene akudutsa ku Tete akumbukire kuti Mozambique si membala wa COMESA, choncho afunse padera za inshulansi ya kumeneko.

Maola oyamba ngozi itachitika

Tsopano tinene kuti ngozi ya bambo uja inali yopanda vuto lililonse: analibe matola, laisensi ili bwino, sanamwe mowa. Akhozabe kutaya ndalamazo.

Choyamba ndi kudziwitsa kampani. Polise iliyonse imatchula nthawi: ina imati msanga, ina imatchula chiwerengero cha masiku, ndipo pa kubedwa nthawiyo imakhala yaifupi kwambiri. Kudziwitsa n'kosiyana ndi kupereka mapepala onse. Ambiri amachedwa podikira lipoti la apolisi, lomwe lingatenge masiku, osadziwa kuti akanatha kuimba foni ndi kutumiza uthenga wolemba tsiku lomwelo, mapepala n'kubwera pambuyo. Kampani imaumirira nthawi chifukwa ikachedwa kudziwa, mboni zimabalalika, galimoto imasololedwa zipangizo pamene yaimikidwapo, ndipo sizidziwikanso kuti chaonongeka pa ngozi n'chiti, chinaonongeka kale n'chiti. Sungani umboni wa tsiku limene munawauza, ndipo funsani nambala imene nkhani yanu yapatsidwa.

Chachiwiri ndi kumvana kwa pamsewu, ndipo apa chikhalidwe chathu chabwino chimatsutsana ndi polise. Mwagundana ndi wina, anthu aunjikana, ndipo wina akuti, "Akuluakulu, tangomvanani, za apolisi zichedwetsa." Ngati wolakwa ndinu n'kusaina kapepala kovomera kuti mukonzetsa galimoto ya mnzanuyo, mwaphwanya ndime yoletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanalole. Ngati wolakwa ndi mnzanuyo, inu n'kulandira kandalama kochepa, n'kulemberana kuti nkhani yatha, mwaphwanya ndime ina. Kampani ikakulipirani imatenga malo anu n'kukafuna ndalama zake kwa wolakwayo kapena kwa kampani yake ya inshulansi. Mukamumasula mwatseka njira imeneyo, ndipo kampani ikhoza kukana kukulipirani pamene makaniko watsegula boneti n'kupeza kuti kuonongeka n'kwakukulu kuposa mmene kunkaonekera. Kuthandiza wovulala ndi kumutengera kuchipatala sikuphwanya ndime iliyonse, ndipo muyenera kuchita zimenezo musanaganize za inshulansi. Choletsedwa ndi kulonjeza ndi kusaina. Jambulani zithunzi magalimoto asanasunthidwe ngati n'kotheka, lembani nambala ya galimoto inayo, dzina la kampani yake ya inshulansi ndi manambala a foni a mboni, ndipo kaneneni kupolisi.

Chachitatu, musayambe kukonzetsa galimoto munthu woyeza kuonongeka, amene amamutcha asesa, asanaione ndipo kampani isanapereke chilolezo cholemba. Nthawi zambiri amafuna makotesheni awiri kapena atatu ochokera ku magalaja amene amawavomereza, pamodzi ndi fomu yodzaza, lipoti la apolisi, laisensi ya dalaivala, buluu buku ndi COF. Galimoto ikawongoledwa n'kupentedwa kale, asesa alibe choti aone. Mukalandira masamoni kapena kalata ya loya wa mbali inayo, musayankhe nokha ndipo musaisunge m'dilowa. Iperekeni ku kampani tsiku lomwelo, chifukwa masiku oyankhira kukhoti akadutsa chigamulo chimagwa popanda wokuyankhirani.

Pa kubedwa amafunsa makiyi onse, ndi apadera omwe. Kiyi mmodzi akasowa, kapena zikadziwika kuti galimoto inasiyidwa ikulira pakhomo pa golosale, nkhani imavuta. Ngati pa tsamba lija panalembedwa kuti muike kachipangizo kolondolera galimoto, amafunsanso ngati kankagwira ntchito tsiku limenelo. Pansi pa zonsezi pali funso loti ndalama ya inshulansi inali italipiridwa kapena ayi. Amene amalipira pang'onopang'ono, kapena kudzera mwa munthu wapakati, asunge malisiti.

Masamu a ndalama imene mulandire

Kampani ikavomera kulipira, ndalama imene imatuluka kawirikawiri imakhala yocheperapo kuposa ya pa kotesheni. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, koma kawerengedwe kake ndi kamene kamagwiritsidwa ntchito.

Bambo uja anaika Sienta yake pa mtengo wa K8,000,000, ndipo chaka chilichonse amangolipiranso pa mtengo womwewo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Popeza magalimoto ndi zipangizo zake timaitanitsa kunja, mitengo yake inakwera. Tinene kuti tsiku la ngozi asesa wapeza kuti Sienta yotero ikugulitsidwa K12,000,000, ndipo kukonza kukufunika K3,600,000.

Pa ndalama imeneyi pali matayala awiri atsopano a K240,000, pomwe akale anali atatha theka. Inshulansi imakubwezerani pamene munali, osati pabwino kuposa pamenepo, choncho amachotsa K120,000, n'kutsala K3,480,000. Kenako, ngati polise ili ndi ndime ya kuika mtengo wochepa, amati galimoto ya K12,000,000 munaiteteza pa K8,000,000, kutanthauza magawo awiri mwa atatu, ndipo gawo lachitatulo munadzisenzera nokha. Magawo awiri mwa atatu a K3,480,000 ndi K2,320,000. Pomaliza amachotsa ekisesi. Ikakhala 10 peresenti, ndi K232,000, ndipo kampani ilipira K2,088,000. Galaja ikufunabe K3,600,000, choncho bamboyu ayenera kupeza K1,512,000 m'thumba mwake asanatulutse galimoto. Akanakhala kuti ankayendetsa ndi mwana wake wa zaka 22, kapena munthu wa laisensi yatsopano, mapolise ambiri amaonjezera ekisesi ina pamwamba pake.

Mwa zochotsera zitatuzi, chachikulu ndi chapakaticho, K1,160,000, ndipo ndi chimene chikanapeweka mosavuta. Chimangofunika kufufuza mtengo wa galimoto chaka chilichonse polipiranso, kapena pakati pa chaka kwacha ikagwa, n'kupempha kuti tsamba lija lisinthidwe. Ine ndimaona kuti makampani ndi ogulitsa inshulansi alinso ndi mlandu pa nkhaniyi, chifukwa kutumiza chikumbutso cholembedwa mtengo wa zaka zitatu zapitazo osachenjeza kasitomala n'kumusiya agwere m'dzenje limene iwo akuliona.

Kukweza mtengo mopitirira nakonso sikupindula. Galimoto ikatheratu, kapena ikabedwa osapezeka, amalipira chocheperapo pa ziwiri izi: mtengo wa pamsika tsiku la ngozi, kapena mtengo umene munalemba. Amene anaika K15,000,000 pa galimoto ya K12,000,000 adzalandira K12,000,000 kuchotsapo ekisesi, ndipo ndalama yoonjezera imene ankalipira yangopita pachabe. Chigoba cha galimotoyo chimakhala cha kampani, ndipo ngati mukuchifuna amachotsa mtengo wake. Ngati galimoto inagulidwa pa ngongole ndipo banki inalembedwa m'polise, banki ndiyo imayamba kulandira.

Kalata yokana ikabwera

Kukana kwa pafoni musakuvomereze. Pemphani kalata yotchula ndime imene aimirapo, ndipo muiwerenge ndimeyo mawu ndi mawu m'polise imene munapatsidwa. Pa milandu ya inshulansi mfundo yodziwika ndi yoti inu muyenera kusonyeza kuti ngozi inachitika ndipo ili m'gulu la zotetezedwa, koma kampani ikanena kuti ngoziyo ili m'gulu la zosaphatikizidwa, ntchito yopereka umboni imakhala yake. Akati munali ndi matola, afunseni umboni umene ali nawo. Mfundo ina ndi yoti mawu a polise akamamveka pawiri amamasuliridwa mokomera kasitomala, popeza amene anawalemba ndi kampani. Ngati mkangano uli pa mtengo wa galimoto, mukhoza kupeza woyeza wina wodziimira payekha ndi mitengo yolembedwa ya magalimoto a mtundu ndi chaka chofanana.

Yambani ndi kudandaula molemba kwa akuluakulu a kampaniyo, n'kuphatikiza mapepala onse motsatira masiku ake. Zikakanika, makampani a inshulansi amayang'aniridwa ndi ofesi ya Mlembi wa mabungwe a zachuma, imene ili ku Banki Yaikulu ya dziko lino, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Pochita zonsezi muziwerenga masiku. Mapolise ambiri ali ndi ndime yonena kuti kampani ikakana, muli ndi nthawi yakutiyakuti yotengera nkhani kukhoti kapena kwa mkhalapakati, ndipo ikadutsa ndiye kuti mwaisiya nkhaniyo. Nthawiyo kawirikawiri imayamba kuwerengedwa pa tsiku la kalata yokana ija, ndipo kulemberana makalata odandaula sikuiimitsa pokhapokha polise itanena choncho.